Kasitomala akakana zomwe makadi a taroti anena

Makadi a taroti alipo 78. Anayamba ngati masewera a anthu olemera kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1400, ndipo ntchito yolosera anaipatsidwa ku France m'zaka za m'ma 1780. Ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito aja anasindikizidwa ku London mu 1909, amene zithunzi zake anajambula ndi Pamela Colman Smith. Khadi lililonse lili ndi tanthauzo lake likaima bwino, ndi lina likagwa chadodolido. Choncho woombeza ali ndi makomo 156 othawira, ndipo amene wapanikizika ndi kasitomala m'modzi yekha ndiye kuti ntchitoyi sanaiphunzire.

Vuto loyamba ndi makadi otsutsana. Mayi wabwera kudzafunsa za banja lake, ndipo ayalidwa makadi atatu: la zakale, la za tsopano ndi la zam'tsogolo. Pakati pagwa Zikho Khumi, pomwe mwamuna ndi mkazi akwezera manja utawaleza, ana awiri akuvina pambali. Kumapeto kwagwa Malupanga Atatu, mtima wolasidwa, mvula ikugwa kumbuyo. Wophunzira kumene amachita thukuta. Katswiri amayamba wakhala chete, akugwedeza mutu pang'onopang'ono, chifukwa kusowa chonena kukachitika modekha kumaoneka ngati nzeru. Kenako amanena kuti makadi satsutsana, amangoonetsa mbali ziwiri za nkhani: kunja anthu akuona chimwemwe, koma mumtima muli bala. Palibe banja limene mawu amenewa angaliphonye. Makadiwo akanasinthana malo, akananena kuti bala lilipo koma chimwemwe chikubwera, ndipo mtengo ukanakhala womwewo.

Zikakanikabe, amatola khadi lina lomveketsa. Limeneli ndi lololedwa pa mwambo wa taroti, koma limafuna muyeso. Limodzi limaonetsa kusamala. Awiri amaonetsa kuti nkhani ndi yozama. Akafika asanu, ngakhale kasitomala wofatsa amazindikira kuti munthuyu akungofufuza khadi la Dzuwa mu mulu wonsewo. Khadi lomveketsalo likakhala Imfa, la nambala 13, palibe chodandaula, popeza mabuku a ntchitoyi anagwirizana kale kuti limanena za kusintha, osati za maliro.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu, ndilo kasitomala amene wakana poyera. Woombeza wanena kuti pali mwamuna wachikulire amene akumutchingira njira, pakuti kwagwa Mfumu ya Malupanga, koma mayi uja wayankha kuti munthu wotere samudziwa. Apa woombeza saloledwa kubweza mawu. Amayamba ndi kukulitsa mwamunayo: angakhale bwana, malume, mwini nyumba kapena dokotala. Akakanidwabe, amamuchotsa umuna, n'kufotokoza kuti makadi a mafumu amaimira khalidwe, ndiye angakhale mkazi wouma mtima. Zikapitirira, amasuntha nthawi: munthuyo sanafike, koma ali m'njira. Chida chomaliza ndi kubweza mfumuyo kwa mwini nkhani, kuti ndi mbali ya mtima wake imene safuna kuiona. Kufika apa kukana kwasanduka umboni. Akavomera, makadi anena zoona. Akakana mwaukali, ndiye kuti makadi akhudza pachilonda.

Njirazi zimayenda chifukwa munthu amathandiza yekha kudzipeza m'mawu osalunjika. Mu 1948 katswiri wa za maganizo wa ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake mapepala ofotokoza khalidwe la aliyense payekha, n'kuwauza kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5 malinga ndi mmene mawuwo akuwayenerera. Malikisiwo atawerengedwa pamodzi anafika pafupifupi 4.3. Mapepala onse anali ofanana, ndipo ziganizo zambiri anazitola m'kabuku kolosera ndi nyenyezi kogula pamsewu. Woombeza wanzeru amaphunzirapo kuti ntchito yaikulu amagwira ndi kasitomala, ndipo amalipiranso.

N'chifukwa chake mdani wa ntchitoyi si kasitomala wokayika, koma mawu amene angayesedwe. Tsiku, dzina ndi chiwerengero n'zoletsedwa. Wonena kuti kalata ya ntchito ifika Lachisanu wadziitanira mlandu wa Loweruka. Wonena kuti khomo litseguka nyengo ikakwana sangagwidwe, pakuti nyengo ilibe kalendala. Za matenda ndi za kukhoti n'zabwino kuzitumiza kwa eni ake, ndipo pano pokha chilungamo ndi kudziteteza zimayendera limodzi.

Watsala ndi kasitomala amene amabwera ndi kope, kapena wojambula mawu pa foni, n'kubweranso patatha miyezi itatu kudzawerenga zomwe sizinachitike. Ameneyu amauzidwa kuti taroti imaonetsa komwe njira inkalowera pa tsiku loombezalo, osati zomwe ziyenera kuchitika. Ngati tsoka loloseredwa silinafike, ndiye kuti chenjezo linagwira ntchito. Ngati mwayi sunafike, china chake chinasintha pakatipa, ndipo kuti chidziwike m'pofunika kuyalanso makadi, pa mtengo wa masiku onse.