Makhadi akuti abwera, bola musatope kusakaniza

Mlamu wanga pochokera ku Joni adandigulira makhadi a taroti m'malo mwa nsapato zomwe ndidamutuma. Ndi aja adajambula mayi Pamela Colman Smith n'kutuluka mu 1909. Chifikireni makhadiwa, palibe wandifunsapo za mvula kapena ganyu. Aliyense funso lake ndi limodzi: "Kodi amene uja adzabwerera?"

Sabata yatha kudabwera mnzanga wa kabaza, yemwe mayi akunyumba adamuthawa. Ndidayala makhadi atatu pamphasa: la zakale, la zalero ndi la zam'tsogolo.

Loyamba lidali la makapu 6, pomwe mwana akupatsa mnzake kapu ya maluwa. Tanthauzo lake ndi kukumbukira masiku okoma akale. Mnzanga adalumpha: "Mwaona, achimwene? Akundiganizira!" Vuto la khadi limeneli ndi loti silinena amene akukumbukirayo. Ndipo pakati pa awiriwa, amene adapalasa njinga padzuwa kudzafunsa ndi iyeyo.

Lachiwiri lidali la makapu 8. Munthu watipatsa msana, ndodo m'manja, akulowera kumapiri usiku, makapu wawasiya ali chiimire. Owerenga makhadi amati uyu wachoka mwa kufuna kwake, zomwe wasiyazo sizikumukhutitsanso. Mnzanga adayang'anitsitsa, n'kuti: "Makaputu sadatenge. Adzawabwerera basi."

Lachitatu lidali Imfa, chigoba chokwera hatchi yoyera. Khadi limeneli silinena za maliro ayi, limangoti nkhani yatha, yambani ina. Mukawawerenga atatuwa motsatana, mukupeza chikumbutso, ulendo ndi chitseko chotsekedwa. Yankho lidali ayi woonekeratu.

Koma ine ndidayang'ana akatumba a munthu wonyamula matumba a chimanga panjinga, n'kuyang'ana mikono yangayi. Ndidatsokomola. "Mwina sitidasakanize bwino."

Khadi lomwe osiyidwa onse amalilira ndi Chiweruzo, pomwe mngelo akuliza lipenga, akufa n'kumadzuka m'mabokosi. Ambiri amati limatanthauza chinthu chakufa kudzukanso. Tsono makhadi alipo 78. Mukayala atatu, mwayi woti Chiweruzo chiwonekere ndi umodzi pa 26. Ndiye kuti munthu wopanda chochita, akamangosakaniza n'kuyalanso, lipengalo lidzamulirira ndithu. Apa mpomwe mungadziwire kuti kuwerenga kwasokonekera: funso silidasinthe, koma mwafunsanso chifukwa yankho loyamba lidakuwawani.

Ife tidasakaniza mpaka nkhuku zidalowa m'khola. Chiweruzo chitatuluka, mnzanga adandipatsa mandasi awiri n'kupita akuimba mluzu, akuti akukasesa m'nyumba.

Musandiseke msanga, a Malawi anzanga, poti nanenso wanga adapita ndi mapoto onse, nambala n'kusintha. Ndikamadziyalira ndekha usiku, makhadi amandiyankha zolimbikitsa nthawi zonse. Chinsinsi chake n'choti ndisanasakanize, Imfa ndi la makapu 8 ndimayamba ndaziika m'thumba la malaya.