Mmene Mungayang'anire Makhadi a Taroti Koma Osadzionamo Nokha

Chibwenzi chanu chachitatu chatha ndendende ngati cha chiwiri, ndipo cha chiwiricho chinatha ngati choyamba. Tsopano wina wakubwerekani makhadi a zithunzi, aja amawatcha taroti, n'kukuuzani kuti mukawayang'anitsitsa mudzaona chimene chimabwerezabwereza pa moyo wanu wachikondi. Chenjerani. Njira imeneyi ili ndi vuto limodzi lalikulu: nthawi zina imagwira ntchito. Ine inandigwera, choncho ndalemba malangizo awa kuti inu mutulukemo muli wosalakwa monga munalowera.

Yambani ndi kukhulupirira kuti makhadiwo amadziwa zinthu. Musalole wina akuuzeni kuti anayambira kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1400 ngati masewera chabe a anthu olemera, kapena kuti nkhani yoti muli nzeru zobisika za ku Iguputo anaifalitsa ndi Antoine Court de Gébelin ku France mu 1781, popanda umboni. Musaganizirenso zoti paketi yotchuka kwambiri inatuluka ku London mu 1909, zithunzi zake zitajambulidwa ndi mayi wina dzina lake Pamela Colman Smith motsogozedwa ndi Arthur Edward Waite. Mukangovomereza kuti ndi mapepala 78 okha, 22 akuluakulu ndi 56 ogawidwa m'magulu anayi a makapu, ndodo, malupanga ndi makobidi, mwadziputira nkhani. Pepala silidziwa dzina la bwenzi lanu lakale. Ndiye chilichonse chimene mwaonapo chachokera m'mutu mwanu, ndipo chochokera m'mutu mwanu mudzayankha ndinu. Ndi bwino kuwatenga ngati ula, chifukwa woombeza sanayambe wauzapo munthu amene walipira kuti mfiti ndi iyeyo.

Anthu oopsa amene amagwiritsa ntchito makhadiwa podzifufuza sachita mwamwayi ayi. Amayala makhadi onse chagada, zithunzi zikuoneka, kenako amasankha okha atatu pa chibwenzi chilichonse: mmene chinayambira, mmene chinalili pakati, ndi mmene chinathera. Zibwenzi zitatu, makhadi 9, mizere itatu patebulo. Akatero amayang'ana chotsika, kuti aone ngati pamalo amodzimodzi pakubwera chithunzi chofanana. Inu musayerekeze. Sakanizani makhadi, tsinzinani, solani atatu. Likatuluka losakukondweretsani, nenani kuti dzanja linaterereka, musolenso. Khadi lililonse lili ndi mwayi umodzi pa 26 wopezeka pakati pa atatu amene mwasola, ndiye munthu woleza mtima amapeza la ukwati usiku usanathe. Mukamasola atatu tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu mudzakhala mwatola makhadi 90 kuchokera mu paketi ya 78, kotero ena adzabweranso basi, afune asafune. Zikatero gwirani pakamwa, muimbire mnzanu foni kuti makhadi akukulondani.

Lekani ndikusimbireni mmene ine ndinagwera m'mbuna, kuti mudziwe poilambalala.

Ndinayala mizere yanga itatu pamphasa. Poyambira pa zibwenzi zonse ndinaika makhadi okongola, ndipo pothera ndinaika a anthu akuchoka, monga lija la makapu 8 pomwe munthu watembenuka, ndodo m'manja, akulowera kumapiri usiku mwezi ukuwala. Zonsezi zinali bwino, pakuti wochokayo sindinali ine. Koma pakati pa chibwenzi choyamba dzanja langa linatola khadi la makobidi 6. Nditafika pa chachiwiri ndinalifunanso lomwelo, n'kupeza kuti ndaligwiritsa kale ntchito. Pa chachitatu chimodzimodzi. Munthu wanzeru akanasonkhanitsa makhadi n'kupita kukagona.

Ine wopusa ndinatsatira lamulo lawo loyamba, loti unene zimene zajambulidwa zokhazokha, usanayambe kumasulira. Ndinati: pali bambo wovala mkanjo wofiira, waimirira. Pali anthu awiri ogwada, ovala nsanza. Dzanja limodzi la bamboyo likugwetsera ndalama m'manja mwa mmodzi. Ndinakondwa, chifukwa uyu ndinamudziwa: ndine, munthu wamtima wabwino, amene ndinalipirira woyamba fizi ya kosi yosoka, wachiwiri ndinamugulira foni, wachitatu ndinamulipirira lendi miyezi isanu. Ndikanaima pomwepo ndikanagona tulo tabwino. Koma lamulolo limati unene zonse, ndipo bamboyo ali ndi dzanja lina. Dzanja linalo lanyamula sikelo.

Apa ndiye pali langizo lofunika kuposa onse: musamalize kufotokoza chithunzi. Onani dzanja lopatsa, lasikelolo mulisiye. Pa khadi la makapu 5 onani makapu atatu otayika amene munthu wa chofunda chakuda waweramira, awiri oimirira kumbuyo kwake musawawerenge. Pa la malupanga 8 lirani naye mayi womangidwa m'maso ndi m'manja, koma musayang'ane kumapazi, chifukwa mapaziwo sanamangidwe. Pa la Mdyerekezi mudzaona mwamuna ndi mkazi ali ndi unyolo m'khosi. Musayeze kukula kwa unyolowo, ndi wokhwepa moti ungavulidwe ngati mkanda. Mayi Smith anali ndi khalidwe loipa loika kanthu kena pakona, ndipo kanthuko ndi kamene kamaononga mtendere.

Lamulo lawo lachiwiri ndi loipa kuposa loyamba. Amati chilichonse chimene wanena pa chithunzi uchimangirire ku tsiku lenileni, malo enieni ndi mawu enieni amene analankhulidwa. "Ndimapatsa kwambiri" sichiwerengedwa. Ndinayesa kukumbukira tsiku limene sikelo inatuluka, ndipo masiku anabwera okha atatu, atafola ngati ana asukulu. Woyamba atakana kupita nane ku ukwati wa msuweni wanga, ndinamufunsa kuti makina osokera amene akutanganidwa nawowo anawadziwa bwanji. Wachiwiri atachedwa kuyankha uthenga, ndinamukumbutsa mwaulemu wonse amene anagula foniyo. Wachitatu atandiuza kuti ndizigogoda ndisanalowe, ndinaseka n'kunena kuti munthu sagogoda pa nyumba imene amalipira. Onse atatu anachoka pasanathe miyezi iwiri chichitikire zimenezi, ndipo onse atatu ndinawatcha osayamika. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, koma ine ndinkaika ndi chiwongoladzanja.

Mwaona kuopsa kwa madeti? Inu khalani m'mawu otakasuka, okwana aliyense ngati chitenje. Nenani kuti muli ndi mtima wofewa umene anthu amaupondereza, kuti mumakonda ndi mtima wonse koma simumvetsetsedwa. Mu 1948 mphunzitsi wa zamaganizo ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake 39 pepala lofotokoza khalidwe la aliyense payekha, ndipo pa mapointi 5 iwo analipatsa oposa 4 kuti lawalondola. Mapepala onse anali ndi mawu amodzimodzi, otengedwa m'kabuku ka zokhulupirira nyenyezi. Kabuku kakang'ono kamene kamabwera ndi makhadi kangakuchitireni ntchito yomweyi: werengani tanthauzo lolembedwa musanayang'ane chithunzi, ndipo mudzapeza "kusintha", "chiyambi chatsopano" ndi zina zosaluma. Anthu oopsa aja ali ndi muyeso wake. Amatenga khadi lotsutsana ndi limene asankha n'kudzifunsa ngati nalonso likuwakwana. Likawakwana, amadziwa kuti sanapeze kanthu, angodzisisita. Inu muyeso umenewu musaudziwe n'komwe.

Funso loti "pachithunzipa ine ndi uti?" liyankheni mwachangu ndipo musalibwereze. Khadi likakhala ndi wakuba, monga la malupanga 7 pomwe munthu akunyang'ama kuchoka pamisasa atafukata malupanga asanu, ameneyo ndi bwenzi lanu lakale, nkhani yatha. Chala sichiloza mwini. Chimene simuyenera kuchita ndi kusinthana malo ndi munthu wina wa pachithunzipo, n'kulankhula ngati iyeyo. Ine ndinagwada m'maganizo pamalo a wopemphapempha wachiwiri uja, amene sakulandira kanthu, amene wagwada mbali ya sikelo. Ukayang'ana kuchokera pansipo nkhope ya wopatsayo suiona bwino, umangoona sikelo ili pamwamba pa mutu wako, ndipo umadziwa kuti chilichonse chogwa m'manja mwako chalembedwa penapake. Mawondo anandiwawa ngakhale ndinali chikhalire.

Palinso msampha wina umene ungakupulumutseni ngati zonse zalephera: dziimbeni mlandu wonse. Nenani kuti ndinu wotembereredwa, kuti zinayambira kwa agogo, kuti simuyenera kukondedwa. Zimamveka ngati kudzichepetsa koma ndi tchuthi chabwino kwambiri, chifukwa tsoka la kumtundu silipatsa munthu ntchito yoti achite Lolemba m'mawa. Chizolowezi chenicheni chimakhala chaching'ono mochititsa manyazi, chokwana m'chiganizo chimodzi chokhala ndi "akati" ndi "ine ndimati": munthu akandikaniza kanthu, ine ndimatchula mtengo wa zimene ndinamupatsa. Chiganizo chotere n'chowopsa chifukwa mawa lomwe mukhoza kudzigwira mukuchichita.

Pano ndivule kaye chipewa cha nthabwala. Ngati chimene chikubwerezedwa n'chakuti mukumenyedwa, kuopsezedwa kapena kulandidwa ndalama zanu, musakhale pansi kufufuza mbali yanu pa chithunzi. Wolakwa ndi womenyayo, ndipo nkhani imeneyo ndi ya achibale odalirika ndi apolisi, si ya mapepala. Komanso mizere itatu ndi umboni wochepa, woperekedwa ndi mboni imodzi imene ili ndi mbali pa mlanduwo. Makhadi amangotulutsa zimene inu mukukumbukira, ndipo kukumbukira kumakondera mwini wake.

N'chifukwa chake langizo lomaliza ndi lakuti musaonetse mizere yanuyo kwa munthu amene analipo. Ine ndinalakwitsa, ndinaitana mlongo wanga, amene anawadziwa onse atatu ndipo mmodzi amachezabe naye. Ndinamufotokozera mwa mawu ogwetsa, ngati munthu wochokera kuphiri kokasala kudya, kuti ndatulukira chinthu chozama chokhudza ine ndi sikelo. Anayang'ana khadilo, anayang'ana ine.

"Achimwene, mpaka mapepala a azungu kuti mudziwe zimenezi? Ife tinakuuzani pa woyamba yemwe uja."

Ndinamuuza kuti sindikukumbuka. Anati ndinamuyankha kuti asalowerere nkhani za akulu. Kenako anatola khadi la makapu 4, lija la mnyamata wokhala pansi pa mtengo atapinda manja pachifuwa, pamene dzanja lotuluka mumtambo likumupatsa kapu iye osaiyang'ana. Analiika pamwamba pa mizere yanga yonse itatu n'kunyamuka kukateleka madzi a tiyi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukumbutse amene anamugulira ketuloyo.