Kalulu Watseka Pakamwa, Mawu Akutulukabe

Mwana woonera katuni m'kanyumba ka vidiyo ku Nkhotakota sanyengeka: kalulu akatseka pakamwa mawu akutulukabe, amadziwa kuti pena pake palakwika. Gwero lake n'lodziwika: kumasulira mawu a katuni m'Chichewa. Mzungu pouza mnzake kuti athawe amayasamula kamodzi, ndipo wojambula anajambula kamodziko basi. Ife "thawa" timayasamula kawiri, "thawani" katatu, ndipo kalulu wamwambo akati "thawani agogo" amamaliza ng'ona ya mu Bua itameza kale agogowo. Choncho womasulira asawerenge mawu, awerenge kuyasamula, ayang'anenso pamene milomo yakumana, chifukwa pamenepo pamafunika m, b kapena p. Milomo ikayamba yotseka n'kutseguka kawiri, "bwera" alowa bwino, "tiyeni" adikire.

Ena adzati kudula mawu chonchi n'kupha ulemu, ndipo sakunama, pakuti kalulu wonena "iwe" kwa nkhalamba ndi wamwano. Koma ulemu uli ndi pobisala. Kalulu akatembenuka, kapena chithunzi chikapita pa bwato, pakamwa sipaoneka, ndiye "agogo" alowetsedwe pamenepo. Choyipa n'kuthamangitsa wolankhula kuti zonse zikwane, mpaka kalulu kumveka ngati kondakitala woitanira minibasi ya ku Salima.