Ndinkabwerera opanda munthu pakabaza ku Senga Bay

Ndinalowa kabaza ndikudziona ngati katswiri wa masamu, poti ndinafika Fomu 4. Mlamu wanga anandibwereka njinga yamoto, tinagwirizana kuti madzulo aliwonse ndizimupatsa tageti ya K5,000, ndipo ine ndinavomera msangamsanga osafunsa ngakhale kuti njingayo imamwa bwanji. Petulo nthawi imeneyo anali pa K2,530 lita, mtengo umene a MERA analengeza mu Novembala 2023 kwacha itagwa.

Ndinkanyoza maulendo afupiafupi, a K700 opita kugombe la Nguwo, n'kumathamangira makasitomala a kutauni, pa Kamuzu Road, amene ankalipira K3,000. Sindinaganize kuti mtundawo ndi makilomita pafupifupi 20, kuti kupita ndi kubwerera ndi 40, ndiponso kuti njinga yangayo lita imodzi inkathera pomwepo. Ndikamutsitsa munthu ndinkatembenuka nthawi yomweyo, opanda wokwera kumbuyo, kuthamangira wina kunyanja, osadziwa kuti pa K3,000 ija K2,530 yapsa kale, yanga ndi K470 basi. Chonsecho ulendo wa ku Nguwo, makilomita 4 kupita ndi kubwerera, unkadya petulo wa K253 n'kundisiyira K447, matayala osaperepeseka, msana osapweteka.

Tsiku limene ndinadzitama kwambiri pasiteji ndinapanga maulendo anayi a kutauni ndi khumi afupi, m'thumba munali K19,000, ndipo ndinagulira anzanga zakumwa ndisanawerenge kanthu. Makilomita anali 200, malita asanu, K12,650. Kuchotsa tageti panatsala K1,350, oyilo ndi nsima ndisanaziwerengere, ndipo ndinakaima pakhomo pa mlamu ndi ndalama yoperewera, mkazi wanga, yemwe ndi mlongo wake, akumva zonse.

Ndiye ndinati ndichenjere. Ndinayamba kuthira wa K1,000 wokha kuti ndisamaone ndalama ikutuluka, mpaka tsiku lina rizevu inatha pakati panjira nditanyamula mayi wina ndi beseni la usipa, ndipo ndinakankha njinga dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, mayiyo atasenza beseni lake pambuyo panga osayankhula, anzanga akudutsa n'kumaliza mahutala, ine nkhope ili pansi. Petulo atasowa kumapeto kwa 2024 ndinagula wa m'zigubu pa K5,000 lita koma mtengo wa ulendo osakweza, poopa kuthawitsa makasitomala, moti ulendo uliwonse wa kutauni ndinkaonjezapo K2,000 yanga.

Amene anandiphunzitsa ndi mkulu wina wa pasiteji. Anati, "Achimwene, dzadzani thanki m'mawa, mulembe nambala ya pamita, madzulo mudzadzenso. Amene mwathirayo ndiye mwawotcha." Anandiuzanso kuti ndikafika kutauni ndizidikira, ngakhale ola lathunthu. Lita ya K2,530 ija ikanyamula munthu popita ndi wina pobwerera inkasiya K3,470, osati K470.

Inu amene mukufuna kuyamba kabaza kuno, werengani makilomita obwerera musanatchule mtengo.