Makina akamaganiza mokweza

Masiku ano anzathu ambiri salemba funso pa ChatGPT osamaliza ndi mawu akuti "fotokoza pang'onopang'ono". Chizolowezichi chili ndi gwero lake. Mu 2022 ofufuza a ku yunivesite ya Tokyo ndi a Google anapeza kuti kungowonjezera `Let's think step by step` kumapeto kwa funso kunkachititsa makina otere kukhoza masamu omwe poyamba ankawalephera.

Chifukwa chake si ufiti ayi. Makinawa amalemba liwu limodzilimodzi, ndipo zomwe alemba kale ndizo amatsamira polemba zotsatira. Afunseni za ngongole ya K200,000 yachiwongoladzanja cha 10 peresenti pamwezi, chomwe nachonso chimabereka, kwa miyezi itatu. Akayankha mothamanga akhoza kunena K260,000. Akayala mwezi ndi mwezi amadutsa pa K220,000, kenako K242,000, n'kufika pa K266,200. K6,200 yasiyanayo, wakatapila sangakukhululukireni.

Koma afunseni motero za likulu la Zambia. Mudzalandira ndime zinayi, mwina ndi mbiri ya Livingstone yomwe, Lusaka n'kutulukira kumapeto ngati mfumu pamsonkhano. Choipa kwambiri n'chakuti akaphonya pa sitepe yoyamba, masitepe enawo amamangidwa mwaudongo pamwamba pa bodzalo, inu n'kugwedeza mutu poona kutalika kwake. Ndipo makina atsopano ambiri amayala okha maganizo asanayankhe. Kuwauzanso n'kungodzichulukitsira zowerenga.

Tsono pa masamu, ngati sanayale okha, apempheni masitepe, koma muwerengetsere nokha mzere woyambawo. Pa za Lusaka, auzeni ayankhe ndi liwu limodzi, bandulo yadula.