Amalume, Ingoikometsani Pang'ono

M'banja mwathu muli chikhulupiriro chakuti ine ndimadziwa za maofesi. Chiyambi chake nchakuti pa maliro ndine ndimagwira kope la chipepeso, ndipo ndili ndi tayi. Nchifukwa chake aliyense wofuna ntchito amanditumizira CV yake pa WhatsApp, osadzifunsa kuti ngati munthuyu amazitha, bwanji iye mwini akukwerabe kabaza wa ngongole. Ine sindikana. Ulemu ukakupeza suufunsa kuti wasochera kuti.

Mwezi wathawu inabwera ya mwana wa mlongo wanga. Sitolo ina yaikulu ya zipangizo zomangira ku Limbe inkafuna kalaliki woyang'anira katundu, ndipo uthenga wa mnyamatayo unali waufupi: "Amalume, ingoikometsani pang'ono, mawa akutseka."

Choyamba kufika chinali chithunzi. Anasindikiza CV, nkuiyala pabedi, nkuijambula, moti m'mphepete munkaoneka chala chake chachikulu ndi maluwa a bulangete la mlongo wanga. Nditadandaula, anatumiza failo yeniyeni ya Word, dzina lake `CV final final2 yeniyeni.docx`. Nditaitsegula ndinapeza kuti mwana amene ndinamuona akuphunzira kuyenda, amene mpaka lero amabwereka nsapato zanga akamapita ku ukwati, anakhalapo `Operations Manager` kwa zaka zitatu, ali ndi dipuloma ya za bizinesi, ndipo Excel amaidziwa kuposa amene anaipanga.

Ndinamuimbira.

"Iwe, umanijala umenewu unaugwira kuti?"

"Pa hadiweya paja pa Lunzu, amalume."

"Munalipo angati?"

"Awiri. Ine ndi abwana."

"Ndiye unkalamulira ndani?"

Anakhala chete, kenaka nkunena kuti abwana akapita ku banki iye ankatsala yekha. Kunena zoona, mtima wanga unamumvetsa. Mayi a kunyumba, amene ankamvetsera uku akusankha nyemba, anandikumbutsa mosafunsidwa kuti pa CV yanga mpaka pano pali mawu akuti ndimagwira ntchito bwino popanda wondiyang'anira, pomwe denga la bafa lakhala likudikira woyang'anira kuyambira mvula ya dzana. Ndinawauza kuti tikukamba za mwana.

Vuto la udindo wongopeka si lakuti ndi tchimo lokha. Limenelo abusa alikamba Lamulungu. Vuto lake nlakuti pansi pa CV pamakhala nambala ya foni ya munthu amene akudziwa zoona. Wolemba ntchito akaimba nkufunsa kuti "Manijala wanu uja ankagwira bwanji ntchito?", mwini hadiweya ayankha kuti "Manijala wake uti? Kapena mukunena mnyamata uja?" Nkhani yathera pomwepo, ndipo palibe amene adzakuuze chifukwa chake sanakuitane. Choncho ndinamuuza kuti mzere uliwonse tiuyesa ndi funso limodzi: wina ataimba foni kapena atati "tationetsa", mzerewu utsala?

Tinafufuta umanijala nkulemba udindo umene abwana ake angauvomereze ali m'tulo, `Shop Assistant`. Mnyamatayo anausa moyo ngati ndamulanda munda. Kenaka ndinamuuza kuti andifotokozere tsiku lake la ntchito kuyambira potsekula chitseko, osasiya kanthu. Apa mpamene ndinadabwa, chifukwa zimene ankachita zinali zokoma kuposa zimene ananama.

Lole ya simenti ikafika, ndiye ankawerenga matumba nkuyerekeza ndi pepala lobwera ndi katunduyo asanasainire, matumba 200 kapena 300 pa ulendo. Ong'ambika ankawaika padera nkulemba. Loweruka lililonse ankawerenga malata, misomali ndi zitini za penti, nkuona ngati zikugwirizana ndi zolembedwa m'buku. Madzulo ankawerengera ndalama za tsikulo, za m'manja padera, za Mpamba ndi Airtel Money padera. Makiyi a sitolo ankagona kwa iye. Ndipo tsiku lina anatulukira kuti misomali ya mainchesi anayi ikutha msanga kuposa mmene ikugulidwira, nkupeza kuti sikelo inali itayamba kupatsa makasitomala mphatso.

"Nanga bwanji zonsezi sunalembe?"

"Ndimaona ngati ndi zazing'ono, amalume."

Ndinamuwerengera chilengezo cha ntchito chija. Ankafuna munthu wodziwa kulandira katundu, kusunga mabuku ake ndi kuwerenga zotsala m'nyumba yosungiramo. Mwanayu anali atabisa ntchito yomwe akuifuna pansi pa udindo womwe sakuufuna. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, akulu anatero. Tinalemba mizere isanu, uliwonse woyamba ndi chimene ankachita: ankalandira, ankawerenga, ankasunga, ankatseka mabuku, anatulukira. Mawu tinabwereka a m'chilengezo momwemo pamene akunenadi zimene anachita, chifukwa wosankha makalata amakhala ndi mulu ndipo maso ake amasaka mawu amene analemba yekha. Manambala tinaika okhawo amene abwana ake angawakumbukire. Iye anafuna kuwonjezera kuti anakweza malonda ndi theka. Ndinamufunsa kuti theka la zingati, ndipo mzerewo unafa imfa yachibadwa.

Dipuloma ndiyo inatitengera nthawi. Anayambadi maphunzirowo mu 2020, anamaliza chaka choyamba, fizi nkuthera panjira. Ndikudziwa bwino chifukwa mmodzi mwa amene analonjeza kuthandiza fiziyo ndine, ndipo lonjezolo likadali bwinobwino, silinagwiritsidwepo ntchito. Iye ankati kulemba dzina la dipuloma ndi chaka chokha si bodza, popeza sananene kuti anamaliza. Koma wowerenga akamva kuti unamaliza, ndipo iwe unalemba dala kuti amve choncho, tsiku la mafunso adzakupempha pepala lenileni, ndipo pamenepo udzayamba kufotokoza mbiri ya banja lonse. Tinalemba zoona zake: dzina la maphunziro, chaka choyamba anamaliza mu 2020, sanapitirize, ndi maphunziro awiri amene anakhoza okhudzana ndi ntchitoyi, kusunga mabuku a ndalama ndi masamu a bizinesi. Chaka chimodzi chimene uli ndi pepala lake la zotsatira ndi katundu ndithu.

Pa MSCE napo panali pofunika kukonza. Anangolemba kuti anakhoza, osatchula kuti masamu anapeza 3, yomwe ndi kirediti yabwino kwa munthu wofuna kuwerenga katundu wa eni. Imeneyo tinaionetsa. Fizikisi, imene anapeza 8, ankafuna isanduke 6. Ndinamukumbutsa kuti zotsatira zimenezi a MANEB ali nazo, olemba ntchito amatha kukatsimikiza, ndipo kusintha nambala pa satifiketi ndi mlandu wa kupolisi, kumene amalume ako a tayi alibe mnzawo ngakhale mmodzi. Pa CV sukakamizidwa kundandalika phunziro lililonse. Ukhoza kutchula amene akukuthandiza, ena nkuwasiya aoneke pa satifiketi mmene alili. Kusankha choika patsogolo nkololedwa, kusintha nambala ayi.

Za Excel tinagwirizana mwachangu. Ndinamufunsa chimene amatha, nkuyankha kuti kulowetsa katundu m'mizere ndi kuphatikiza ndi `SUM`. Tinalemba zomwezo. Anandifunsa ngati ineyo ndimadziwa zoposa pamenepo, ndipo ndinati netiweki ikuvuta.

Panatsala dzenje. Ntchito ya pa hadiweya inatha mu 2023, ndipo chaka cha 2024 chonse anali kumudzi. Iye anali atakoka zaka za pa hadiweya kuti zikwirire dzenjelo. Kukoka madeti ndi bodza losavuta kugwira kuposa onse, chifukwa funso loyamba limene amafunsa bwana wakale ndi lakuti munthuyu anayamba liti ndipo anasiya liti. Kumudziko sanali kungokhala: analima maekala awiri a soya, analemba aganyu, anasunga kope la zimene zalowa ndi zimene zatuluka, nkukagulitsa yekha. Tinalemba mzere umodzi wonena zimenezo, ndi chaka chake. Anapempha kuti pamenepa pokha tiikepo `Agribusiness Director`. Ndinati ayi, ngakhale pansi pamtima ndinasirira luso lake.

Tsopano failo. Mnyamatayu sanayambe pa tsamba loyera, anatenga CV ya mnzake nkumasintha mawu. Zimenezi aliyense amachita, koma zimasiya mapazi. M'munsi mwenimweni mwa tsamba lachiwiri, m'timalemba tating'ono, munali mukadali nambala ya foni ya mnzakeyo, kutanthauza kuti akanamukonda akanaimbira munthu wina. Ndipo mu Word mukapita pa `File` kenaka `Info`, pamene palembedwa `Author` pamaoneka dzina la amene anayambitsa failoyo. Apo panali dzina lachitatu, la munthu amene tonse sitikumudziwa, mwina gogo wa ma CV onse a ku Lunzu. Tinakonza zonsezo, tinachotsa mitundu inayi ya zilembo nkusiya umodzi, tinachotsanso mzere wonena kuti amakonda kuwerenga mabuku, popeza buku lomaliza limene anawerenga linali la mayeso. Masamba anayi anatsika kufika pa awiri, ntchito yaposachedwa pamwamba.

Kenaka `Save As`, nkusankha PDF, chifukwa failo ya Word imatha kusokonekera ikatsegulidwa pa kompyuta kapena foni ina, mizere nkudumphira tsamba lotsatira. Pokhapokha ngati chilengezo chanena kuti akufuna ya Word, pamenepo umamvera eni ntchito. Chithunzi chosandutsidwa PDF sichithandiza, chimakhalabe chithunzi. Poyesa, tsegulani failoyo pa kompyuta, dinani `Ctrl+F` nkusaka dzina lanu. Likapanda kupezeka, ndiye kuti wolemba ntchito naye sangasake kapena kukopera kanthu mmenemo. Dzina la failo tinalipanga la munthu wamkulu, dzina lake, la bambo ake, ndi `CV.pdf` kumapeto. Masatifiketi tinawaika m'failo yawoyawo. Pomaliza ndinaitumiza pa foni ya mayi a kunyumba kuti tione ngati ikutseguka bwino kwina. Inatseguka, ndipo iwo anapezamo mawu awiri olakwika amene ine katswiri ndinawadutsa.

Chigawo chomaliza chinali cha anthu omuchitira umboni. Woyamba anali mwini hadiweya, amene mnyamatayo anali asanamuuze nkomwe. Ndinamulamula amuimbire usiku womwewo, apemphe chilolezo, amuwerengere mizere isanu ija ndi madeti ake, kuti ngati pali pamene akutsutsa atsutse lero. Mkuluyo anavomera zonse, anangokonza kuti ntchito inayamba mu Malichi osati mu Januwale, ndipo tinasintha.

Wachiwiri ndinali ine. Dzina langa linalembedwa bwinobwino, kutsogolo kwake kuli `Dr.`, kumunsi kwake kuli `Senior Consultant`.

Ndinayang'ana mzere umenewo nthawi yaitali. Unkaoneka bwino kwambiri. Ndinayamba kuganiza kuti mwina lamulo lathu lija likhoza kukhala ndi pothawira, pakuti anthu amabweradi kudzandifunsa nzeru, ndipo ndine wamkuludi. Koma nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu: foni ikanalira ndi yanga, ndipo sindikudziwa kuti ndikanati udokotalawo ndi wa mano kapena wa ziweto. Ndinafufuta `Dr.`, ndinafufutanso zam'munsizo, nkutsala dzina langa lokha ndi mawu oti malume wake.

Mayi a kunyumba anasuzumira nkufunsa ngati pali kampani imene imakhulupirira umboni wa malume. Panalibe choyankha. Tinaikapo mphunzitsi wake wa masamu wa ku sekondale, titamupempha kaye, ndipo ine ndinatuluka mu CV imene ndinaikonza ndekha, wopanda ngakhale ya yuniti imene ndinaimbira.