Mkaka wanga wa sayansi

Ndine mkamwini kuno kwa Kuntumanji, ndipo mkamwini wopanda ng'ombe, wopanda bwato, ayenera kukhala nacho china chomulemekezera. Changa chinali chizungu. Anthu amabwera nane makalata a kuchipatala, mapepala a mankhwala a mbewu, ngakhale mauthenga a pafoni onena kuti apambana mamiliyoni, kuti ndiwawerengere. Ndiye nditabwera kuchokera ku Zomba ndi katoni ya mkaka ya lita imodzi, palibe anayembekezera kuti munthu ngati ine ndingalephere kuwerenga katoni.

Ndinaigula chifukwa cha tsiku lomwe linadindidwa pamwamba pake. Tinali mu Okutobala, koma tsikulo linkanena za chaka chamawa. M'sitolomo inali pashelefu chabe, pafupi ndi shuga, osati m'furiji. Ndinawerengera mumtima: timadontho pang'ono m'tiyi m'mawa uliwonse, ndifika nayo pa Khirisimasi. Nditafika ndinaidula pakona ndi lumo, kuthira m'makapu, kupinda pakonapo, kupanikiza ndi chopanira zovala, n'kuikhazika pawindo la pabalaza pomwe aliyense wolowa aione.

Mayi a kunyumba anayang'ana katoniyo, anayang'ananso malata omwe anali kulira ndi dzuwa.

"Abambo, mkakawu tiumalize lero. Ana alipo."

"Mayi, uwu si mkaka wa m'chigubu ayi. Uwu ndi wa sayansi. Werengani apa."

Sanawerenge. Anangoti "chabwino" wa mtundu uja amene mwamuna wanzeru amayenera kuchita naye mantha.

Patapita masiku, kunabwera amalume awo, eni mbumba, pa nkhani ya dimba la mpunga. Ndinalamula tiyi. Ndinanyamula katoni ndekha, osatuma mwana, ndipo ndinaona kuti yanenepa pang'ono koma ndinati ndi mmene amapangira. Popendeketsa, sipanatuluke kanthu. Nditafinya, chinatuluka chibuma n'kugwera m'kapu ya amalume kuti phava, kenako madzi achikasu pambuyo pake. Tiyi yense anachita timibulu toyandama. Fungo lake linali losiyana ndi la chambiko, linali la chinthu chofa. Amalume anaisuzumira kapuyo nthawi yaitali, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Akamwini, ine tiyi ndimamwa wopanda mkaka." Munthu yemwe ndamuonapo akuthira supuni zitatu za mkaka waufa pamaliro.

Amene anandimasula ndi mlamu wanga wa ku Chiradzulu, yemwe ali ndi ng'ombe ya mkaka ndipo amakagulitsa ku gulu la alimi komwe kuli thanki yoziziritsira. Atamaliza kuseka, anandifunsa funso limodzi: kodi chimaononga mkaka n'chiyani? Ndinati kutentha. Anati ayi, kutentha kumangothandiza. Choononga ndi mabakiteriya, ndipo mitundu itatu ya mkaka yomwe timagula imasiyana pa zinthu ziwiri basi: aphedwa angati, ndipo khomo loti ena alowe latsekedwa motani.

Wongokama kumene, uja amayenda nawo m'zigubu panjinga, sunaphedwe kanthu. Muli mabakiteriya ochokera kubere la ng'ombe, m'manja mwa wokama, m'ndowa ndi m'chigubu momwe. Kukatentha ngati kuno kuchigwa cha Chilwa, amatha kuwirikiza kawiri pa theka la ola lililonse. Ndinatenga cholembera, poti masamu ndiye sanandithawe: mmodzi pa 6 koloko m'mawa, pofika 12 koloko masana wawirikiza ka 12, ndiye kuti asanduka 4,096. Ndipo mkaka suyamba ndi mmodzi, umayamba ndi zikwi m'kadontho. N'chifukwa chake alimi a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu amathamangira kuthanki m'mawa, kuti mkaka uzizire kufika madigiri 4 pasanathe maola awiri kapena atatu chikamireni. Kumeneko amayamba auyeza: amasakaniza pang'ono ndi sipiriti, ukachita timibulu ndiye kuti wayamba kusasa, amaubweza. Amaviikamonso kachipangizo koyandama koonetsa ngati mwathiridwa madzi.

Mkaka wotere ukafika pakhomo, ntchito yoyamba ndi kuuwiritsa mpaka ufufume, osati kungoufunditsa. Kusasa ndi vuto laling'ono. Lalikulu ndi matenda omwe ng'ombe ingapatsire munthu kudzera mumkaka wosawiritsa, monga chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda aja amachotsetsa ng'ombe bere, omwe mwa munthu amabwera ngati malungo osamva mankhwala a malungo. Mkaka wa ng'ombe yodwala matenda amenewa kawirikawiri sununkha, suoneka mwachilendo. Ukawiritsidwa n'kuvundikiridwa mumphika womwewo, ndi wa tsiku lomwelo. M'furiji ungafike masiku awiri kapena atatu.

Wachiwiri ndi uja timaupeza m'furiji ya m'sitolo, wozizira m'manja. Kufakitale amautenthetsa kufika madigiri 72 kwa masekondi 15 okha, n'kuuziziritsa msangamsanga. Njirayi inatenga dzina la Louis Pasteur wa ku France, yemwe m'zaka za m'ma 1860 ankaiyesa pa vinyo, osati pa mkaka. Kutentha kumeneku kumapha tizilombo toyambitsa matenda ndi ambiri mwa oonongawo, koma osati onse. Otsalawo ali m'paketi momwemo, angogona chifukwa cha kuzizira. Choncho mkaka uwu, ngakhale usanatsegulidwe, moyo wake uli m'furiji: sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono, malinga ndi tsiku lolembedwapo, ndipo ukatsegulidwa, masiku atatu kapena anayi. Kunja kwa furiji ndi maola. Ukaugula ku Zomba masana, n'kukwera nawo minibasi mpaka pa Songani, kudikira kabaza, n'kudzafika kuno dzuwa litapendeka, wadya kale mbali yaikulu ya moyo wake uli m'chikwama. Ndipo tsiku la papaketi limaganiza kuti furiji ya m'sitolo sinazimepo. Inu ndi ine tikudziwa mmene magetsi amachitira.

Wachitatu ndiye wanga uja, wokhalitsa, wolembedwa zilembo zitatu zoti UHT. Uwu amautenthetsa kwambiri, madigiri 135 kapena kuposerapo, kwa masekondi owerengeka. Pamenepo pamafa pafupifupi chilichonse, ngakhale njere zouma za mabakiteriya zomwe zimapirira kuwira wamba. Koma theka la nzeru yake lili m'katoni. Amauthira m'paketi yophedwa kale tizilombo, m'makina momwe mpweya wakunja sufika, ndipo katoniyo ili ndi zikutu zingapo: pepala, pulasitiki ndi kachitsulo kopyapyala konyezimira kotchinga kuwala ndi mpweya. M'kati mulibe woononga, kunja palibe angalowe. Ndiye ukhoza kukhala pashelefu miyezi ingapo, kawirikawiri isanu ndi umodzi, popanda furiji komanso popanda mankhwala osungira. Anthu ena kuno amati muli mankhwala a kumotchale. Mulibe. Kakomedwe kake kosiyana kaja, konga mkaka wopserera pang'ono, n'kamoto umenewo.

Lumo langa linathetsa zonsezi m'kamphindi. Linali lumo lomwe timadulira chilichonse m'nyumba muno. Mpweya unalowa, fumbi la pawindo linalowa, zala zanga zinagwira pakamwa pa katoni m'mawa uliwonse. Mabakiteriya oyamba kulowa anapeza chakudya chokhachokha popanda wolimbana naye, ngati mbuzi zolowa m'dimba lopanda mwini. Kuyambira pomwe watsegulidwa, mkaka wa UHT ndi mkaka wamba: m'furiji masiku atatu mpaka asanu, kunja kwa furiji m'nyengo yotentha umwedwe tsiku lomwelo, makamaka m'maola oyamba. Zimenezi zinalembedwa pakatoni yanga, m'mbali, m'zilembo zing'onozing'ono. Ine ndinawerenga zazikulu zokha.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati, chabwino, wasasa, nanga si chambiko chimenecho? Mlamu anapukusa mutu. Chambiko chimapangidwa ndi mtundu wake wa mabakiteriya, aja amasandutsa shuga wa mumkaka kukhala chowawasa, ndipo kuwawasako kumathamangitsa ena oipa. Mumkaka wa UHT amenewo anafa limodzi ndi anzawo. Olowa pambuyo ndi aliyense amene wapezeka, ndipo ambiri amaola mkaka m'malo mousasitsa: umawawa ngati ndulu, umatanuka, umanunkha, nthawi zina umatulutsa mpweya wofufumitsa paketi. Ofuna chambiko awiritse mkaka, auziziritse mpaka ukhale wofunda, athiremo chambiko chabwino pang'ono, avundikire. Mkaka woiwalika pawindo ndi wotaya.

Chinandiwawa kwambiri n'choti mayi a kunyumba ankadziwa kuyeza mkaka kalekale, ine ndikuwerenga makatoni. Akaukayikira, amathira pang'ono m'supuni yaikulu n'kuika pamoto. Wabwino umawira bwinobwino. Woyamba kuonongeka umagawikana pomwepo, timibulu uku madzi uku, ngakhale mphuno isanamve kanthu. Koma anandichenjeza okha kuti kuyeza uku kumangonena za kusasa, sikunena za matenda. Ndipo paketi yofufuma isanatsegulidwe, kapena yodontha pamsoko, sayeza n'komwe.

Ndinafunsanso za mtsuko, poti madzi a mumtsuko amazizira bwino. Amaziziradi, ndipo kuika botolo la mkaka wowiritsa m'madzi a mumtsuko kapena kulikulunga m'chiguduli chonyowa pamthunzi kumathandiza kuti wa m'mawa ufike madzulo. Koma mtsuko umatsitsa madigiri ochepa chabe, sufika pa 4. Usakupusitseni kuti mugoneke mkaka masiku.

China chomwe chingakusokonezeni ndi maonekedwe a paketi. Si mkaka wonse wa m'kajumbo womwe uli wam'furiji, pali wina wa UHT womwe amauika m'mapaketi ofewa okhuthala, ndipo ogulitsa ena amaika wa UHT m'furiji kuti makasitomala aupeze wozizira. Fufuzani zilembo zitatu zija. Ngati palibe, ndipo mwaupeza uli pashelefu kapena m'furiji yofunda, usiyeni pomwepo.

Masiku ano udindo wogula mkaka anandilanda, ndipo sindinachite apilo. Mayi amagula kapaketi kakang'ono ka UHT, kotha pa tiyi mmodzi, ndipo amakatsegula madzi atawira kale. Pa lita, kakang'onoko kamadula kuposa katoni yaikulu, zimenezo ndinawerengera n'kuwauza. Anandifunsa kuti lita yanga ija tinamwako zingati. Masiku ena ndi waufa, womwe amasungunula wokwana kapu zomwe zilipo, chifukwa nawonso ukangolowa madzi ndi mkaka ngati wina uliwonse. Makalata a kuchipatala anthu akubwerabe nawo, koma ana a m'mudzi muno akandiona ndikuchokera kugolosale amafunsa ngati ndagula wa sayansi.

Ngati kwanu kulibe furiji ngati kwathu kuno, gulani mkaka womwe mumalize lero, ndipo musanadule pakona werengani zilembo zing'onozing'ono za m'mbali.